Chilango cha imfa chithe: mawu otsegulira mtsutso wa ophunzira ku Lilongwe

Wapampando, oweruza, anzanga a mbali inayo, ine ndikuti chilangochi chithetsedwe.

Choyamba, khoti limalakwitsa. Mboni imanama, wosauka amasowa loya wabwino. Womangidwa molakwika tingamutulutse ku ndende ya Maula n'kumupepesa, koma wonyongedwa tingamudzutse bwanji?

Chachiwiri, Malawi sananyonge munthu kuyambira 1992. Mu 2007 khoti lalikulu, pa mlandu wa Kafantayeni, linagamula kuti kukakamiza woweruza kupereka imfa n'kuphwanya malamulo oyendetsera dziko. Tikusungiranji lamulo lomwe ife eni tikuliopa?

Anzangawa anena za amasiye, ndipo kulira kwawo n'komveka. Koma chingwe sichibweza malemu. Wakupha akhale m'ndende moyo wake wonse. Zambia inathetsa chilango cha imfa mu 2022. Aphungu athu achitenso chimodzimodzi.

Zikomo, Wapampando.