Pulani ya maphunziro athu pachigayo, Malichi mpaka Epulo

Anzanga nonse 9, pulani ija ndimanena ija ndi iyi. Tili ndi masabata 8 mpunga watsopano usanayambe kubwera kuchokera ku Bua, ndipo cholinga ndi chimodzi basi, ntchito iliyonse pano ikhale ndi anthu awiri oidziwa. Mukukumbukira chaka chatha aopareta atapita kumaliro ku Dwangwa masiku atatu, lamba anaduka tonse kumangoyang'anana, makasitomala mpaka kunyamula matumba awo kupita kwina.

Tizikumana Lachiwiri lililonse 7 koloko mpaka 8 mmawa tisanatsegule. Lachisanu ayi, ambiri mumapita kumzikiti. Kulibe zopita kuwekishopu ku Lilongwe ndipo alawansi palibe, ndinene poyera zisadzavute, tiziphunzitsana tokhatokha pompano ndipo ola limenelo likuwerengedwa ngati la ntchito.

Sabata 1 mpaka 3 ndi za makina. Aopareta aphunzitsa anyamata awiri onyamula matumba kuyatsa, kuzimitsa, kumanga lamba, kusintha sefa ndi kupaka girizi. Osati kumangoonerera ayi, aliyense agwire sipanala yekha aopareta manja kumbuyo. Sabata 3 abwera amakaniko aku Salima tsiku limodzi kudzationetsa za mota, makamaka zochita magetsi akazima makina ali pakati pogaya.

Sabata 4 ndi 5 tili pa sikelo, amayi akusitoko ndi amene atsogolere. Apa ndi pamene timaluza ndalama zambiri. Mpunga wosauma bwino umasweka m'makina, wouma mopyola nawonso umasweka, umafunika chinyezi cha 14% kapena chapafupi pamenepo. Kamakina koyezera tilibe ndiye amayi ationetsa zoluma ndi mano zija, aliyense alume wa mbale zitatu anene wouma ndi uti. Musaseke, amayiwa sanalakwitsepo.

Sabata 6 ndi 7 kaunta: kulemba risiti, buku la ngongole, komanso Airtel Money ndi Mpamba. Lamulo lake mudzalimva mpaka kutopa nalo, katundu satuluka mpaka meseji ifike pafoni ya kampani, za pafoni ya kasitomala sitiwerengera.

Sabata 8 chitetezo, mamaski a fumbi, zovala zolendewera pafupi ndi lamba, chithandizo choyamba munthu akavulala. Abwera anamwino.

Bajeti yonse K120,000. Amakaniko K45,000 ndi thiransipoti yomwe, tiyi ndi mandasi K5,000 pasabata ndiye K40,000, anamwino ndi mabandeji K20,000, makope ndi mapeni K15,000.

Mayeso olemba kulibe. Kumapeto kwa Epulo aopareta ndi akaunta ndiwapatsa ofu tsiku limodzi onse awiri, otsalanu muyendetse chigayo nokha ine ndili phee pabenchi ndi kope langa. Amene pali Lachiwiri lomwe sangathe andiuze pofika Loweruka lino.