Amayi, foni yanu ilibe matenda

Amayi, ndikhulupirira mwadzuka bwino. Kuno ku Moatize tonse tili bwino, koma kutentha kokhakokha. Uthengawu ndatumiza pafoni ya mdzukulu wanu chifukwa yanu ndaimba kuyambira dzana osapezeka. Iwe mwana wa achemwali, uwawerengere agogo ako pang'onopang'ono, usadumphe mawu, ndipo pamene afuna kubwereza ubwereze.

Ndamva kuti foni munaizimitsa, n'kuikulunga m'kansalu, n'kuiika pansi pa sutikesi. Chithunzi chimene mdzukulu anajambula musanazimitse ndachiona bwinobwino. Khazikani mtima pansi, amayi. Foniyo ilibe vairasi. Zimene zinatuluka zija ndi msampha wa akuba, ndipo poti simunadine kanthu, palibe chimene chaonongeka.

Mawu ofiira aja akuti "O seu telefone está infetado com 4 vírus", ndiye kuti akunena kuti m'foni mwanu mwalowa mavairasi 4. M'munsi mwake alemba kuti mukachedwa, zithunzi zanu zifufutika ndipo simu ipsa. Kenako pali kabokosi kobiriwira kolembedwa "Limpar agora", kutanthauza kuti tsukani tsopano lino. Zonsezi si foni yanu imene ikulankhula ayi. Ndi tsamba la pa intaneti limene linadzitsegukira pamene mumafufuza nyimbo za kwaya zija. Tsamba lotero silingathe kusuzumira m'kati mwa foni n'kuwerenga matenda. Mawu omwewo, ndi nambala yomweyo, amaonetsa kwa aliyense amene wapondapo, kaya ali ku Ulongwe, ku Tsangano kapena ku Maputo.

Mukukumbukira bambo uja ankayala mabotolo a mankhwala pamsika tsiku Loweruka? Aliyense wodutsa ankamuuza kuti ali ndi njoka m'mimba, osamukhudza n'komwe. Inu nomwe munkatikoka dzanja n'kumati, "Tiyeni, ameneyu akufuna ndalama za chimanga." Ameneyu ndi yemweyo, kungoti wasamukira m'foni.

Ndikudziwa chimene chinakuopsani kwambiri. Mdzukulu wandiuza kuti foni inanjenjemera m'manja, inatchula ndi mtundu wake womwe, ndipo panali kawotchi kowerenga chobwerera m'mbuyo kuchokera pa mphindi 2. Kutchula mtundu wa foni si ufiti. Foni iliyonse ikatsegula tsamba imadzitchula yokha kuti ndine wamtundu wakuti, ngati mlendo wopereka moni pakhomo, ndiye iwo amangotenga dzinalo n'kukubwezerani kuti muziti akukudziwani. Kunjenjemerako nakonso amachita kupanga dala. Kawotchi kaja kakafika pa ziro sipachitika chilichonse. Ine ndinakadikirapo tsiku lina kuti ndione, kanangoyambiranso pa 2. Amakaika kuti mtima uthamange, musapeze mpata wofunsa munthu.

Chimene akufuna n'chakuti mudine kabokosi kaja. Mukadina, pena amakulowetsani pulogalamu yachabechabe imene imadzaza foni ndi zotsatsa malonda n'kumadya mamega. Pena amati lembani nambala yanu ya foni, kenako kiredito imangotha tsiku ndi tsiku osadziwa kumene ikupita. Oipitsitsa ndi aja amaika nambala yoti muimbe. Woyankhayo amalankhula mwaulemu kwambiri, amvekere ndife a kukampani, tikuthandizani mayi, ingotiuzani nambala yanu yachinsinsi kapena manambala amene talowetsa pa uthenga. Apa ndiye pamene pali ngozi yeniyeni, chifukwa ndalama zanu za mbatatesi zija, zimene mukusungira feteleza, zili mu e-Mola. Panopa zili bwinobwino. Chithunzi chabe sichingatulutse ngakhale metikali imodzi. Zingatuluke pokhapokha nambala yachinsinsi itatuluka pakamwa panu kapena mutailemba pamene akuuzani. Nambala imeneyo musauze munthu, ngakhale anene kuti ndi wa ku Movitel, wa ku banki, kapena kuti watumidwa ndi ine. A kampani enieni safunsa nambala yachinsinsi.

Musadzione ngati mwapusa. Chaka chatha mnzanga wa kuntchito, munthu woti amagwira kompyuta tsiku lonse, anadina chinthu chomwechi ali m'shapa, ndipo anatha sabata yathunthu akudabwa kuti kiredito ikuthera kuti. Inu munachita bwino kuposa iyeyo, munaima n'kuitana mwana. Chokhacho chimene ndikudandaula n'chakuti munazimitsa foni masiku awiri, ine kuno tulo osabwera, kuganiza kuti mwina kuthamanga kwa magazi kuja kwayambiranso.

Tsopano itulutseni m'sutikesimo muiyatse. Sipatsira foni ina ngakhale zitagona pamphasa imodzi, ndipo kuigwira kulibe vuto. Mawu aja akaonekanso, musadine paliponse m'kati mwake, ngakhale pa kamtanda ka pakona kapena pamene alemba "OK" kapena "Cancelar", chifukwa nthawi zina nazonso zimakhala mbali ya msampha womwewo. Dinani chakumunsi kwa foni, paja mumadina mukafuna kubwerera pamene pali chithunzi cha adzukulu. Zikakanika, zimitsani n'kuyatsanso. Basi, mbali yanu ndi imeneyo.

Zotsalazi ndi zako iwe mdzukulu. Tsegula Chrome, utseke masamba onse amene ali otsegula, ndipo lija la nyimbo usalitsegulenso. Kenako dina timadontho titatu ta pamwamba, ulowe pa "Definições", upeze "Definições de sites", kenako "Notificações". Mafoni ena amalemba "Configurações", n'chimodzimodzi. Ukapezamo dzina la tsamba limene sukulidziwa, ulitseke, chifukwa mwina tsiku lina munthu anadina "Permitir" osadziwa, ndiye mauthenga oopseza aja azingobwera ngakhale agogo asakutsegula kanthu. Ukatero lowa mu Play Store, dina kachithunzi ka pakona yakumanja, usankhe Play Protect kuti iunike foni yonse. Imeneyo ndiye yoona, inabwera ndi foni ndipo salipira. Uonenso ngati pali pulogalamu yachilendo imene siinalipo pamene ndinkabweretsa foniyo pa Khirisimasi. Ukaipeza undijambulire kaye usanaichotse. Ndipo iwe, ndikudziwa kuti umabwereka foni ya agogo usiku kukopera mafilimu ndi masewero. Sindikukalipira, koma masamba a zaulere amenewo ndiwo amadzaza ndi misampha yotere.

Mukamaliza, amayi, imbani *898# monga mumachitira nthawi zonse, muone nokha kuti ndalama zanu zilipo. Nambala yachinsinsi mulembe nokha, mdzukulu ayang'ane kumbali. Ndipo musapite nayo foniyo kwa anyamata okonza mafoni kumsika kuti akaitsuke. Mungangotaya ndalama pa chinthu chosadwala, mwinanso n'kukufufutirani zithunzi za ukwati wa achimwene.

Nyimbo za kwaya musavutikenso kuzifufuza. Ndiuzeni mayina ake, ndizikutumizirani pa WhatsApp, kapena ndidzakuikirani pa kakhadi ndikabwera kumapeto kwa mwezi. Chinthu china chachilendo chikadzatulukanso, kaya chikuti mwapambana mphoto, kaya chikuti foni itsekedwa, ingoiikani pansi n'kundibipa, ine ndiimba. Ngakhale pakati pa usiku.

Mundiperekere moni kwa azakhali ndi onse kumudzi. Ndiimba madzulo ano cha m'ma 6 ndikaweruka, foni ikhale yoyaka.

Ndine mwana wanu wa ku Moatize.