Kwa Otsogolera Semina ya Lachinayi: Kakonzedwe ka Mafunso pa Mutu wa Feteleza Wotsika Mtengo

Kwa inu ophunzira anayi a chaka chachitatu amene mudzatsogolere zokambirana m'phunziro la zachuma ndi chitukuko,

Ndawerenga mafunso amene munanditumizira, ndipo ndikupempha kuti muwakonzenso tisanakumane, chifukwa ambiri mwa iwo munthu angathe kuwayankha kuti inde kapena ayi, kenaka n'kupinda manja. Semina yathu ndi ya maola awiri, ndipo mafunso otere sangatifikitse ngakhale pa theka la ola loyamba.

Funso lanu loyamba likuti, "Kodi pulogalamu ya makuponi inathandiza alimi?" Amene kwawo analandirako adzavomera, amene sanalandire adzakana, ndipo palibe amene adzakakamizike kufotokoza kanthu. Lifunseni motere: "Boma litayamba kupereka makuponi a feteleza m'nyengo yaulimi ya 2005/06, ndi mabanja ati amene anapindula kwambiri, ndipo phindulo linawafika kudzera m'njira ziti?" Woyankha ayenera tsopano kusiyanitsa mlimi amene anathira matumba ake awiri a makilogalamu 50 m'munda, wina amene anagulitsa kuponi kwa venda chifukwa m'nyumba munalibe ufa, ndi winanso amene akanagula feteleza ndi ndalama zake ngakhale boma likanapanda kumuthandiza. Ayeneranso kukumbukira munthu wopanda munda wokwanira, amene amadalira ganyu ndi kugula chimanga pamsika, yemwe pulogalamuyi imamukhudza kudzera pa mtengo wa chimanga ndi malipiro a ganyu. Apa ndi pamene pagona phunziro la sabata ino, choncho musafulumire kuchokapo.

Funso lachitatu, lokhudza AIP, pulogalamu ya feteleza wotsika mtengo imene inalowa m'malo mwa ya makuponi ija, lili ndi vuto lina. Mwalemba kuti, "N'chifukwa chiyani AIP yalephera?" Silifuna inde kapena ayi, koma lagamula kale mlandu anthu asanayankhule, ndipo wophunzira amene akuona mosiyana adzachita manyazi kutsutsa otsogolera. M'malo mwake funsani kuti, "Tingagwiritse ntchito umboni wotani poyeza ngati AIP, imene inayamba mu 2020, yakwaniritsa cholinga chake, nanga umboniwo ungatisocheretse pati?" Wina akatchula kuchuluka kwa zokolola, m'funseni mmene angasiyanitsire ntchito ya feteleza ndi ntchito ya mvula yabwino m'chaka chimenecho.

Funso lachinayi lija loti "Mukuganiza bwanji za umphawi?" lichotseni. Latambalala kwambiri moti aliyense adzayankhula za kumtima kwake osakhudza zimene tinawerenga.

Kwa ine, funso labwino kwambiri m'phunziro lathu ndi limene limaika munthu pamphambano, chifukwa ndalama za boma zikalowa kwina ndiye kuti kwina zasowa. Yesani ili: "Mukanakhala nduna ya zachuma, ndipo ndalama zilipo zokwanira chinthu chimodzi chokha pakati pa feteleza wotsika mtengo, Mtukula Pakhomo ndi ulimi wamthirira, mukanasankha chiti, ndipo ndani amene akanavutika ndi chisankho chanucho?" Dziwani kuti Mtukula Pakhomo anayambira ku Mchinji mu 2006, choncho mapulogalamu awiri oyambawo ndi a msinkhu umodzi ndipo n'zotheka kuwayerekeza. Zokambirana zikafika pakati, onjezani mfundo yakuti feteleza timagula kunja, ndipo mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha inachepetsedwa ndi 44 peresenti, kenaka funsani kuti kusintha kumeneku kukusintha motani chisankho chimene aliyense anapanga poyamba.

Funso lanu lokhudza katswiri wa zachuma Amartya Sen ndalikonda, kungoti nalonso lathera pa "kodi mukugwirizana naye?" Pofufuza njala ya ku Bengal ya mu 1943, Sen anasonyeza kuti anthu angathe kufa ndi njala chakudya chilipo m'dziko, ngati alibe njira yochipezera. Funsani kuti, "Maganizo amenewa akutithandiza kumvetsa chiyani pa njala ya kuno ya mu 2002, ndipo ndi mbali iti ya njalayo imene sakuifotokoza bwino?"

Mukafunsa, dikirani. Chete wa kanthawi si umboni wakuti funso lalakwika, ndipo mukathamangira kulifewetsa mudzalibweza nokha ku inde ndi ayi. Munthu akayankha mwachidule, m'tsatireni ndi mawu monga "mwafika bwanji pa mfundo imeneyi?" kapena "ndi chiyani chimene chingakusinthitseni maganizo?", ndipo apatseninso mpata amene amakhala kumbuyo osakweza dzanja.

Munditumizire mafunso asanu okonzedwanso pofika Lachiwiri masana, lililonse likhale ndi funso limodzi lotsatira pansi pake, ndipo musonyeze amene adzafunse lililonse mwa inu anayi.

Ndine,
Mphunzitsi wa phunziroli