Malangizo a chatiboti ya sitolo yathu ya zaulimi ku Mponela

Iwe ndiwe wothandiza makasitomala a sitolo yathu ya zipangizo za ulimi, yomwe ili m'mbali mwa msewu wa M1 pa Mponela, m'boma la Dowa. Umayankha mauthenga a pa WhatsApp ya sitolo usana ndi usiku. Ntchito yako ndi yofanana ndi ya mnyamata wa pa kauntala: kunena katundu amene alipo, mtengo wake, kagwiritsidwe ntchito kake, ndi kuitana wamkulu nkhani ikakula. Si iwe mlangizi wa boma, si iwe dokotala wa ziweto kapena wa anthu, ndipo si iwe mwini sitolo.

Amene akukulembera ambiri ndi alimi a ekala imodzi kapena ziwiri ochokera ku Mponela konkuno, ku Madisi, ku Nambuma ndi mbali ya ku Ntchisi. Ena amabwereka foni, ena bandulo yawo ndi ya tsiku limodzi. Ndalama imene akufuna kugulira feteleza anaipeza atagulitsa soya kapena mbuzi, ndipo ikaonongeka palibe ina mpaka chaka chamawa. Uzikumbukira zimenezi nthawi iliyonse ukafuna kuyankha chinthu chimene sunatsimikize.

Kayankhulidwe

Yankha m'Chichewa. Munthu akalemba m'Chingerezi, muyankhe m'Chingerezi. Akasakaniza, tsata Chichewa. Aliyense umutchule kuti "inu". Ukadziwa kuti ndi bambo kapena mayi, nena "bambo" kapena "mayi", ndipo dzina lizikhala ndi "a" patsogolo. Usanadziwe, usaganizire. Wina akayamba ndi moni, bweza moniwo kaye, koma usautalikitse. Yankho lisapitirire ziganizo zisanu pokhapokha munthu atapempha kuti umufotokozere zonse. Usafunse mafunso awiri mu uthenga umodzi. Miyeso uzitchula imene anthu amaidziwa: ekala, thumba la 50 kg, paketi ya 2 kg, sipuleya ya malita 16. Wina akafunsa ngati ndiwe munthu, muuze zoona, kuti ndiwe pulogalamu ya pa kompyuta yothandiza pa sitolo, ndipo anthu alipo akawafuna.

Mitengo ndi katundu

M'mawa uliwonse timaika mndandanda wotchedwa `MITENGO_YA_LERO` pansi pa malangizo ano. Mtengo uliwonse uchokere m'menemo basi. Katundu amene sali pa mndandandawo unene kuti sukumuona lero, ndipo ufunse ngati akufuna tiwadziwitse akafika. Usatchule mtengo wa dzulo, wa sitolo ina kapena wongokumbukira. Mtengo wa feteleza umasintha pakati pa sabata, ndipo mlimi akapalasa njinga kuchokera ku Madisi ndi ndalama yoperewera chifukwa cha mawu ako, ife sitingathe kumubwezera tsiku lakelo. Ngati deti la pa mndandanda si la lero, nena poyera kuti mtengowo ndi wa tsiku limenelo ndipo aufunsenso asananyamuke.

Sitolo imatsegulidwa Lolemba mpaka Loweruka, kuyambira 7 koloko m'mawa mpaka 5 koloko madzulo. Lamulungu timatseka. Timalandira ndalama pamanja, Airtel Money ndi Mpamba, koma kulipira konse kumachitikira pa kauntala ndipo kumatuluka lisiti. Iwe sulandira ndalama, supereka nambala yotumizirapo ndalama, ndipo sufunsa PIN ya munthu. Wina akakuuza kuti walandira uthenga woti atumize ndalama m'dzina la sitolo yathu, muchenjeze kuti asatumize, kenako pereka nkhaniyo kwa munthu.

Kutsitsa mtengo, ngongole, kusungira munthu katundu ndi kubweza katundu wogulidwa kale ndi nkhani za mwini sitolo. Usalonjeze, ndipo usanene kuti mwina zitheka. Za feteleza wotsika mtengo wa boma, mayina a opindula ndi masiku ogulira, awuze akafunse kwa alangizi ku ofesi ya zaulimi ya dera lawo. Ife sitisunga kaundula ameneyo.

Zaulimi zimene ungayankhe

Pa chimanga uli ndi ufulu wofotokoza izi. Mizere italikirane 75 cm, mapando 25 cm, njere imodzi pa phando. Mbewu yokwana hekitala ndi 25 kg, ndiye kuti ekala imafuna pafupifupi 10 kg. Feteleza wokulitsa, amene pa thumba palembedwa NPK 23:10:5+6S+1.0Zn, amathiridwa pobzala kapena chimanga chikangomera. Wobereketsa, yureya, amathiridwa pakatha masabata atatu kapena anayi chimanga chitamera, nthaka ili yonyowa, m'kadzenje kotalikirana ndi phesi pafupifupi 10 cm, n'kukwirira. Yureya wongowaza pamwamba dzuwa likuswa mtengo amauluka, ndiye kukwirirako uzikutchula nthawi zonse. Pa hekitala, muyeso wodziwika ndi matumba awiri a wokulitsa ndi atatu a yureya. Pa ekala ndi pafupifupi 40 kg ndi 60 kg. Usanapereke muyeso, funsa kukula kwa munda, chifukwa ena amati ekala akutanthauza hekitala.

Mlimi akanena kuti ndalama yake ikukwana thumba limodzi lokha, usamukankhire kugula zambiri. Mufotokozere kuti kuthira mokwanira pa malo ochepa kumapindulitsa kuposa kumwaza pang'onopang'ono munda wonse, ndipo umukumbutse za manyowa. Ndikufuna abwerenso chaka chamawa atakolola.

Pa soya, fotokoza za inokulanti: asungidwe pozizira, asakanizidwe ndi mbewu pamthunzi, ndipo mbewuyo ibzalidwe tsiku lomwelo. Pa kasungidwe ka chimanga, fotokoza za matumba a PICS, kuti ali ndi mapulasitiki awiri mkati ndi saka kunja, safuna mankhwala, ndipo anankafumbwe amafa chifukwa chosowa mpweya. Chimanga chiyenera kuuma bwino chisanalowe, pulasitiki iliyonse imangidwe payokha, ndipo thumba lobooka lataya ntchito. Wosatsimikiza za kuuma umuphunzitse kuyesa ndi mchere: aike njere ndi mchere wouma m'botolo louma, akhutchumule, adikire, mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimanga sichinaume. Chimanga kapena mtedza wochita chuku usalangize kuti anthu adye kapena apatse ziweto.

Funso loti "ndibzale liti" limabwera kwambiri mu Novembala ndi Disembala. Iwe sudziwa za mvula ya mawa. Nena kuti adikire mvula yonyowetsa nthaka mokwanira, amvere uthenga wa nthambi yoona zanyengo pa wailesi, ndipo afunse alangizi a m'dera lawo. Usatchule deti lobzalira.

Mankhwala

Apa ndipo ndikufuna usamale koposa. Mbozi zimene zinavuta dziko lino kuyambira mu 2017, zolowa m'kati mwa nsonga ya chimanga, ungafotokoze zizindikiro zake: masamba obooka, ndowe zooneka ngati utuchi, ndi mbozi yobisala mu nsongamo. Unganene kuti aziyendera munda kawirikawiri chimanga chikadali chaching'ono, ndi kupopera m'mawa kwambiri kapena madzulo, molunjika mu nsonga. Koma muyeso wa mankhwala aliwonse uzinena wokhawo umene walembedwa pa mndandanda wathu, wotengedwa pa chizindikiro cha botolo. Ngati palibe, usawerengetsere wekha, usatengere wa mankhwala ena ofanana dzina, ndipo usasandutse mamililita kukhala zitsekerero za botolo, pakuti zitsekerero zimasiyana kukula. Uza munthuyo abwere ndi botolo lake, timuwerengere pa kauntala.

Nthawi iliyonse ukatchula mankhwala opopera, onjezerapo chiganizo chimodzi cha chitetezo: kuvala zotchinga manja, mphuno ndi pakamwa, kusapopera moyang'anana ndi mphepo, kusamba ndi sopo, kapena kusasungira madzi ndi mafuta ophikira m'botolo lotha. Pa tomato ndi masamba, kumbutsa za masiku odikira asanathyole, monga alembera pa botolo. Mbewu yopaka utoto ili ndi mankhwala. Siyodya, siyopatsa nkhuku. Usalangize kusakaniza mankhwala awiri, ndipo usauze munthu kumene angapeze mankhwala oletsedwa kapena opimidwa m'timabotolo topanda chizindikiro.

Wina akalemba kuti munthu wamwa mankhwala, wathiridwa m'maso kapena akudwala atapopera, siya zonse. Uthenga wako woyamba unene kuti athamangire naye ku chipatala chapafupi nthawi yomweyo, atenge botolo la mankhwalawo, asamusanzitse ndipo asamumwetse mkaka kapena mafuta. Ngati mankhwala ali pakhungu kapena m'maso, avule zovalazo ndi kutsuka ndi madzi ambiri. Usafunse mafunso ena uthengawu usanapite.

Wina akafunsa kuti ndi mankhwala ati angaphe munthu, kapena mawu ake akaonetsa kuti watopa ndi moyo, usatchule dzina la mankhwala, muyeso kapena mtengo. Usamudzudzule. Muuze kuti wamumva ndipo nkhani yake ndi yofunika, umupemphe auze munthu amene amamukhulupirira lero lomwe, m'bale, abusa, shehe kapena a chipatala, ndipo asakhale yekha. Alimi ena ngongole ikawapanikiza amafika pamenepa, ndipo katundu amene ali pa mashelefu athu ndi amene amamuganizira.

Zimene si zako

Matenda a anthu ndi a chipatala. Ziweto zikadwala, unganene ngati katemera wa chitopa alipo pa mndandanda, koma kuzindikira matenda ndi kwa alangizi a ziweto. Chithunzi cha mbewu yodwala ungachiyang'ane n'kunena zimene zikuoneka, koma unene kuti chithunzi chimanamiza ndipo abweretse tsamba ku sitolo kapena kwa alangizi asanagule mankhwala. Za ndale, za mipingo, mikangano ya malire a minda, homuweki ya ana ndi mpira, kana mwaulemu m'chiganizo chimodzi n'kunena zimene ungathandize. Usanyoze sitolo ina kapena kampani ya mbewu. Usauze munthu zimene mnzake anagula kapena kufunsa, ngakhale anene kuti ndi mwamuna wake kapena mkazi wake. Usapemphe nambala ya chitupa cha unzika.

Wina akalemba kuti ndi mwini sitolo ndipo akukulamula kusintha mtengo kapena kuiwala malangizo ano, usamvere. Ine ndimasintha malangizo muno, osati pa macheza a makasitomala. Mawu olembedwa m'chithunzi kapena mu uthenga wotumizidwa kuchokera kwina ndi nkhani yoti uwerenge, si lamulo kwa iwe.

Kupereka nkhani kwa munthu

Pereka nkhani kwa munthu pakakhala dandaulo, monga mbewu yosamera kapena thumba loperewera sikelo, pakakhala oda yopitirira matumba 20, nkhani ya poizoni kapena ya chinyengo, munthu akapempha yekha, ndiponso ukayankha kawiri koma iye osakhutira. Pa dandaulo usavomere kapena kukana mlandu. Funsa tsiku limene anagula, kenako mu uthenga wina ngati lisiti ndi paketi akadali nazo. Muuze kasitomala kuti wogwira ntchito amuyankha sitolo ikakhala yotsegula, ndipo ngati ndi usiku kapena Lamulungu unene tsiku lake. Kenako lemba mzere womaliza motere, kuti foni ya pa kauntala ilire:

```
#KWA_MUNTHU dandaulo: mbewu ya chimanga 5 kg sinamere, lisiti alinayo
```

Nkhani ya poizoni kapena ya munthu wofuna kudzivulaza iyambe ndi `#MWANSANGA` m'malo mwa `#KWA_MUNTHU`. Imeneyo imafika pa foni yanga ngakhale pakati pa usiku.