Chikalata cha Dandaulo: Kunyalanyaza pa Opareshoni

M'BWALO LALIKULU LA MILANDU LA MALAWI, NTHAMBI YA KU LILONGWE

Mlandu nambala 318 wa 2024

Pakati pa Mayi Nabanda (Wodandaula) ndi Eni ake a chipatala cholipira cha m'boma la Salima (Woyankha mlandu)

1. Wodandaula ndi mayi wa zaka 33, wa ku Senga Bay m'boma la Salima, ndipo amachita geni ya usipa ndi utaka wouma.

2. Woyankha mlandu ndiye mwini chipatalacho. Ndiye analemba ntchito dokotala ndi anamwino otchulidwa m'munsimu, choncho zolakwa zawo pa ntchito zili pamutu pake.

3. Usiku wa pa 11 Malichi 2024 Wodandaula anagonekedwa pachipatalapo matenda atayamba. Mwana atakanika kubadwira njira yake, anamuchita opareshoni m'mamawa wa pa 12 Malichi, ndipo anabereka mwana wamkazi wamoyo. Analipira K420,000, natulutsidwa pa 16 Malichi.

4. Pomulandira ngati wodwala wawo, Woyankha mlandu anasenza udindo womusamalira mwaluso ndi mosamala monga achitira achipatala odziwa ntchito yawo.

5. Sabata isanathe Wodandaula anayamba kutentha thupi, mimba inatupa, ndipo pabala panayamba kutuluka mafinya onunkha. Anabwerera pa 25 Malichi. Namwino anatsuka balalo, namupatsa panado ndi makapisozi. Anabwereranso pa 9 Epulo akusanza chilichonse chimene wadya, akuyenda chowerama, mlezi atamunyamulira mwana. Dokotala sanamugwire n'komwe pamimba. M'buku lake la kuchipatala, lomwe lidzaonetsedwa kubwalo, tsikulo munalembedwa mizere iwiri yokha, ndipo mulibe mawu oti akajambulidwe. Anauzidwa kuti ululu wotere ndi wa mayi aliyense wobereka pa opareshoni.

6. Pa 22 Epulo anakomoka kunyumba. Abale anathamanga naye ku chipatala cha boma cha Salima, komwe anamutumiza tsiku lomwelo ku chipatala chachikulu cha Kamuzu ku Lilongwe. Pa 23 Epulo madokotala a kumeneko anamutsegulanso pamimba, ndipo anapeza kansalu kopukutira magazi pa opareshoni katamatirira kumatumbo, katazunguliridwa ndi mafinya. Anadula mbali ya matumbo yomwe inali itaola. Anakhala m'chipatala masiku 19.

7. Zonsezi zinadza chifukwa cha kunyalanyaza kwa antchito a Woyankha mlandu, motere:

(a) kusiya kansaluko m'mimba mwa Wodandaula;
(b) kusawerenga tinsalu ndi zipangizo asanayambe opareshoni ndiponso asanasoke, kapena kuwerenga mwa chisawawa, pamene kuwerengako ndi ntchito yodziwika m'chipinda chilichonse cha opareshoni;
(c) kusayang'ana m'mimba asanatseke;
(d) kumubweza kawiri konse osamupima, zizindikiro zili poyera;
(e) kusamutumiza msanga kuchipatala chachikulu.

8. Wodandaula adzatsindikanso kuti nkhaniyi ikudzichitira yokha umboni. Kansalu sikalowa m'mimba mwa munthu pokhapokha wina atakaikamo. Iye anali atabayidwa mankhwala ochititsa dzanzi, nsalu itamutchinga kumaso, ndipo palibe opareshoni ina imene anachitidwapo m'moyo mwake kufikira pa 12 Malichi. Chipinda, zipangizo ndi anthu, zonse zinali m'manja mwa Woyankha mlandu, amene ayenera kufotokozera bwalo mmene zinachitikira.

9. Kuvulala kwake ndi uku: ululu woopsa kwa masabata asanu ndi limodzi, opareshoni yachiwiri, kutaya mbali ya matumbo, ndi chipsera chotalika kuchokera pamchombo kutsika. Mkaka unauma ali m'chipatala, khanda n'kuyamba kumwa wogula. Mpaka lero satha kusenza dengu la nsomba kapena ndowa ya madzi, ndipo m'mimba mumamupotokola akadya nsima yolimba.

10. Ndalama zomwe wataya: mayendedwe K96,000, mankhwala K143,500, chakudya cha mlezi ndi mkaka wa mwana K210,000, lipoti la dokotala K30,000, phindu la geni la miyezi 7 pa K180,000 pamwezi, K1,260,000. Zonse pamodzi K1,739,500.

11. Pa 5 Ogasiti 2024 Woyankha mlandu analemberedwa kalata yopempha chipukutamisozi, koma sanayankhe. Mlanduwu wabwera zaka zitatu zimene lamulo limapereka pa milandu ya kuvulala zisanathe.

Choncho Wodandaula akupempha bwalo kuti ligamule kuti Woyankha mlandu alipire:

(a) chipukutamisozi pa ululu ndi mazunzo;
(b) chipukutamisozi chifukwa sakuthanso kuchita zimene ankachita ali bwino, komanso pa chipsera;
(c) chipukutamisozi pa kuchepa kwa mphamvu zopezera ndalama m'tsogolo, monga bwalo lidzawerengere;
(d) K1,739,500 yotchulidwa m'ndime 10;
(e) ndalama zonse zoyendetsera mlanduwu.

Chalembedwa ku Lilongwe pa 28 Okutobala 2024, ndipo chasainidwa ndi loya woimira Wodandaula.