Kalata kwa a Yohane

Bembeke, Dedza
18 Ogasiti 2024

A Yohane,

Ndikhulupirira kuti mwadzuka bwino kumeneko ku Mlangeni, inu pamodzi ndi mayi. Kuno tili bwino, kungoti mphepo ya Ogasiti yayamba kutimwetsa fumbi.

Ndalemba kalatayi kuti ndikuuzeni kuti chibwenzi chathu ndikuchithetsa. Ndayamba ndi mawu amenewa dala, kuti musawerenge mpaka kumapeto mtima uli m'mwamba, mukudzifunsa kuti kodi Tadala akulowera kuti. Ndaganiza mofatsa kwa masabata awiri, ndapemphera, ndipo maganizo anga akhazikika pamenepa.

Mwina mudabwa kuti bwanji sindinangokuimbirani. Ndinayesa Lachinayi madzulo. Mutangoyankha, munayamba ndi kufunsa ngati chifuwa cha agogo chatsikako, ndipo mawu onse amene ndinakonza anandithawa. Tinathera pa nkhani ya mtengo wa kachewere. Ndinazindikira kuti ndikadalira foni ndizingozengereza, inu n'kumapitiriza kukonzekera zinthu zimene sizidzachitika. Kutuma munthu nakonso sindinafune, paja kandimverere anakanena za m'maluwa. Nkhaniyi ndi ya awirife, ndipo muyenera kuimva kuchokera kwa ine.

Palibe chimene munandilakwira, a Yohane. Musakhale pansi usiku n'kumafufuza tsiku limene munalankhula molakwika, chifukwa simulipeza. Palibenso mwamuna wina, ndipo palibe wa kwathu kapena wa kwanu amene wandinong'oneza zoipa za inu.

Chimene chilipo ndi ichi. Mukukumbukira Loweruka lija pa boma, titakhala pa benchi pafupi ndi chiwaya, pamene munati mwawauza amalume anu za ine, ndipo akufuna kudzaonana ndi amalume anga mwezi wa Seputembala usanathe? Nkhope yanu inawala ngati ya mwana amene wakhoza mayeso. Munaiwala ndi tchipisi chomwe, chinazizirira m'mbale. Ine ndinadikira kuti chimwemwe chomwecho chifike mumtima mwanga, koma sichinafike. Chinafika ndi chinthu cholemera pachifuwa, chimene ndinakwera nacho minibasi mpaka kunyumba. Tsiku limenelo ndinakuyankhani kuti "tiona". Mawu amenewo ndi amene ndikupepesa, chifukwa anakupatsani poyembekezera pamene ine ndinali nditayamba kale kudziwa yankho. Munayenera kumva zoona tsiku lomwelo. Pepani.

Ndimakulemekezani, ndimasangalala kucheza nanu, koma chikondi choti n'kumangira banja mwa ine sichinamere. Miyezi itatuyi ndakhala ndikudziuza kuti chibwera, kuti mwina mtima wanga ndi wochedwa chabe. Ndinkati munthu wabwino chonchi ndingalephere bwanji kumukonda. Koma ndaona kuti kuyamikira munthu ndi kwina, kumufuna kuti akhale mwamuna wako ndi kwinanso. Inu mtima wanu unafika kale patali, wanga unaima pa ulemu ndi kuthokoza, ndipo sukusuntha.

Mukudziwa mmene zimakhalira kwathu kuno. Ankhoswe akangokhala pamphasa, nkhani siikhalanso ya anthu awiri. Imakhala ya mabanja, ya mipingo, ya mudzi wonse. Ndikanakhala chete, amalume anu akanavala jekete lawo, kulipira galimoto kuchoka ku Ntcheu, kudzagwada pakhomo pa eni ake chifukwa cha mkazi amene mtima wake suli pamenepo. Kenako bwenzi ndikusankha pakati pa kuwachititsa manyazi akuluakulu kapena kulowa m'banja ndi chikayiko. Zonse ziwirizi zikanakupwetekani kuposa kalatayi.

Sindikufuna kuti muganize kuti miyezi imeneyi inali yachabe kwa ine. Tsiku lija la mu Meyi pa Lizulu, thumba langa la kachewere litang'ambika potsitsa, anthu ambiri anangoima n'kumaonerera mbatata ikugubudukira kumsewu. Inu munagwada pafumbi ndi shati yoyera, munatola mpaka kakang'ono komaliza, kenako munapempha chingwe kwa mayi wogulitsa kabichi n'kusoka thumba lija osandifunsa ndi dzina lomwe. Ndiponso kampando kaja. Munaona kuti pamalo panga pogulitsira ndi potsetsereka, ndiye munakapala mwendo umodzi kukhala waufupi kuti kasamagwedere. Palibe amene anakuuzani, munangoona nokha mmene ndinkakhalira chopendekera. Zinthu zimenezi zinachitikadi, ndipo ndikuzithokoza ndi mtima wonse. Kungoti sizisintha yankho langa.

Apa ndilankhule mosabisa, chifukwa ndikukudziwani kuti ndinu munthu wodekha, wotha kudikira. Chonde musandidikire. Sindikupempha nthawi yoti ndiganizenso, sindikuti tipume kaye, ndipo sindikuti tidzaonenso mvula ikagwa kapena tikakolola. Palibe chimene mungasinthe pa khalidwe lanu, pa ntchito yanu kapena pa nyumba imene mukumangayo chimene chingabweze maganizo anga, pakuti vuto silinagone pamenepo. Musatumenso achemwali anu kapena anzanu a kukwaya kuti adzandinyengerere. Ndidzawalandira mwaulemu, koma ndidzawauza zomwezi, ndipo inu mudzangopwetekedwa kawiri.

Tsono za katundu. Ndalama zija K40,000 zimene munandibwereka zoonjezera pa feteleza wa kudimba ndazitumiza lero m'mawa pa Mpamba, muone uthenga pa foni yanu. Ndikudziwa munanena kuti zisandidetse nkhawa, koma ndikupempha kuti muzilandire, musazibweze. Juzi yanu yobiriwira, imene munandifunditsa tsiku la chisanu chija mu Juni, ndaichapa ndipo ili m'jumbo limodzi ndi kalatayi. Mlongo wanga amene wakupatsiraniyu sakudziwa zimene zalembedwa muno, musavutike kumufunsa. Kampando ndikadakonda kukasunga poti ndimakhalira tsiku lililonse la msika, koma ngati kukaona pamenepo kuzikuwawani, mundiuze kudzera mwa iyeyu ndipo ndidzakatumiza.

Pa Lizulu tizikumanabe, palibe kuchitira mwina, inu ndi zitseko zanu ine ndi matumba anga. Ndidzakupatsani moni ngati mmene ndimachitira ndi munthu aliyense amene ndimamulemekeza. Mukaona kuti simungathe kuyankha, ingodutsani, sindidzakuonani ngati wamwano. Koma zoimbirana usiku ndi mauthenga a m'mawa aja tisiye. Inenso ndidzawasowa, musaganize kuti ayi, koma tikapitiriza bala silipola.

Anthu adzafunsa, makamaka amene ankationa limodzi. Ine ndizingoti sizinatheke, basi, ndipo dzina lanu silidzaipa pakamwa panga. Kwa amalume anu ndi kwa mayi, auzeni zoona, kuti Tadala ndi amene wabwerera m'mbuyo. Musasenze mlandu umene si wanu pofuna kunditeteza. Mayi anandilandira bwino tsiku limene ndinafika kwanu, mpaka kundipatsa nyemba zoti ndikadzale. Muwauze kuti ndathokoza, ndipo ndapepesa.

Ngati mwakwiya, muli ndi chifukwa, ndipo sindikukupemphani kuti mundimvetse lero. Simukukakamizidwanso kuyankha kalatayi. Mukafuna kunena mawu anu, lembani, ndidzawerenga onse, ngakhale yankho langa lidzakhala lomweli.

Mulungu akusungeni, inu ndi onse kunyumba.

Ndine,
Tadala