Kodi kilaudi ndi chani kwenikweni, nanga zithunzi zathu zimakakhala kuti?

Ndimakonza mafoni pa kabenchi kanga mumsika kuno ku Mzuzu, zaka 6 tsopano. Sabata yatha kunabwera mayi ena, foni yawo inagwera mu ndowa akuchapa, anayiika mu mpunga masiku atatu koma bodi inali itapsa kale. Za foniyo analibe nazo ntchito, chimawapweteka ndi zithunzi za malemu amuna awo. Mwamwayi mwana wawo anali atawalembera imelo ndi pasiwedi kuseri kwa buku la nyimbo, titalowetsa mu foni ina zithunzi zinayamba kutuluka chimodzichimodzi, mayiwo anangogwira pakamwa kenako nkufunsa kuti "achimwene, ndiye zinali kuti nthawi yonseyi?" Funso limeneli ndimafunsidwa pafupipafupi ndiye ndati ndilembe mayankho ake pamodzi ndi ena amene amabwera nalo limodzi.

Kilaudiyo ili kumwamba, kumitambo?

Ayi ndithu. Mawuwo pachingerezi amatanthauza mtambo koma zinthu zanu zili pansi pompano, mu makompyuta a kampani ina. Makompyuta amenewa amawatcha maseva, alibe sikirini alibe kiyibodi, ndi mabokosi afulati achitsulo osanjikizana mu mashelefu ataliatali ngati mathileyi a buledi ku bekale, ndipo mkati mwake muli ma hadi disiki ambirimbiri. Nyumba yosungiramo maseva ndi imene amati data senta. Dzina la mtambolo linachokera kwa akatswiri a netiweki, akamajambula mapulani awo, mbali ya intaneti imene siili mmanja mwawo ankangojambula kamtambo basi.

Ndiye nyumbazo zili kuti?

Zimatengera kampani. Google ili ndi ma data senta ku America monga ku The Dalles ku Oregon ndi ku Council Bluffs ku Iowa, ku Ulaya kuli ku St. Ghislain ku Belgium, ku Dublin, komanso ku Hamina ku Finland komwe anagula fakitale yakale ya mapepala nkuikamo maseva, amaziziritsa ndi madzi a mnyanja. Facebook inatsegula yake ku Luleå kumpoto kwa Sweden mu 2013, kumalo kozizira koopsa, chifukwa maseva amatentha. Mukudziwa mmene foni imatenthera mukaonera mpira nthawi yaitali ili pa chaja? Ndiye ganizani makina masauzande ali mchipinda chimodzi akugwira ntchito usana ndi usiku osazimitsidwa, magetsi amene amapita pongoziziritsa okha ndi ochuluka zedi, ndipo panja pamakhala majenereta akuluakulu ndi mabatire kuti magetsi akathima pasaduke kanthu.

Kuno ku Africa ziliponso. Microsoft inatsegula ku Johannesburg ndi ku Cape Town mu 2019, Amazon ku Cape Town mu 2020, Google ku Johannesburg mu 2024. Nafenso boma linatsegula data senta yake ku Blantyre mu 2022, koma imeneyo ndi ya ntchito za boma, zithunzi zanu za pa Google Photos sizipita kumeneko.

Chithunzi changa chenichenicho chili mu nyumba iti?

Kwa ife ogwiritsa ntchito akaunti yaulere, kampani ndi imene imasankha ndipo sikuuzani. Komanso sichikhala pamalo amodzi, amachikopera kangapo nkuika pa madisiki osiyana, nthawi zambiri mnyumba zosiyananso, kuti disiki imodzi ikafa (ndipo zimafa tsiku ndi tsiku, ndi makina) ina ikhalepo. Mabizinesi amene amalipira ndi amene amatha kunena kuti zathu zikhale ku Johannesburg kapena ku Frankfurt.

Chimafika bwanji kutali konseko?

Apa ndi pamene anthu amadabwa kwambiri. Kuchoka pa foni yanu chimapita pa mphepo mpaka pa tawa ya netiweki imene ili pafupi, kamtunda kochepa chabe. Kuchoka apo ndi waya wa faiba wokwiriridwa pansi kapena woyenda pa mapolo, ndipo poti ife tilibe doko mawaya athu amadutsa kwa anansi, ku Tanzania kapena ku Mozambique, kukalumikizana ndi zingwe zogona pansi pa nyanja ya mchere, monga SEACOM imene inayamba mu 2009 ndi EASSy ya mu 2010. Ulendo wonsewo ndi wosakwana sekondi. Nchifukwa chake chingwe chikaduka kunyanja uko netiweki imavuta kuno ngakhale foni ikuonetsa mabala onse.

Nanga bandulo ikatha zinthu zanga zimafufutika?

Sizifufutika, zili konko, kungoti njira yokafikira yatsekeka, mukagula bandulo muzipeza. Koma chenjerani ndi mbali inayi: mafoni ambiri anatcheredwa kuti azitumiza zithunzi pokhapokha pali Wi-Fi, ndiye munthu amene sagwiritsa Wi-Fi amakhala akuganiza kuti zonse zikusungika pomwe palibe chapita ngakhale chimodzi. Izi ndaziona kambirimbiri ndipo zimandiwawa kumuuza munthu. Tsegulani Google Photos, dinani kachithunzi kanu pakona yakumwamba muone ngati palembedwa kuti Backup complete.

Ma meseji a pa WhatsApp nawo ali mu kilaudi?

Osati mmene ambiri amaganizira. Meseji ikafika kwa mnzanu WhatsApp siisunganso pa maseva ake, imakhala mu mafoni anu awiriwo. Imene sinafike amaisunga mpaka masiku 30. Macheza akale amabwerera pokhapokha munayatsa bakapu, ya Android imapita ku Google Drive, ya iPhone ku iCloud.

Eni kampaniwo angaone zinthu zanga?

Pa zithunzi ndi mafayilo wamba, amazitseka ndi loko wa masamu kuti wakuba disiki asawerenge, koma kiyi amasunga ndi iwowo. Ndiye khoti la dziko limene kampaniyo ili likalamula atha kupereka. Ine maganizo anga, chiopsezo chachikulu kwa ife si chimenecho ayi, ndi uja munamupatsa foni kuti akutsegulireni imelo pa 500 kwacha nkutsala akudziwa pasiwedi yanu, kapena anaikapo nambala yake ngati yobwezera akaunti. Sinthani pasiwedi lero lomwe ndipo nambala ikhale yanu.

Zingatayike?

Eya zingathe. Mu Malichi 2021 data senta ya kampani ya OVH ku Strasbourg ku France inapsa ndi moto, makasitomala ena amene analibe kope kwina anataya zinthu zawo mpaka kalekale. Koma pa benchi panga chimene chimataitsa anthu zinthu ndi kuiwala pasiwedi kuphatikiza kutaya simu, apo ngakhale ine palibe chomwe ndingachite. Chinanso, Google inanena kuti akaunti imene yakhala zaka 2 osatsegulidwa atha kuifufuta, ndiye ngati muli ndi imelo ya malemu imene muli zithunzi, muziilowa apo ndi apo, ndipo zofunika kwambirizo koperani pa fulashi kapena memori khadi musunge mu sutikesi.

Ndi yaulere?

Google imapereka 15 GB yaulere yogawana pakati pa Gmail, Drive ndi Photos, iCloud ndi 5 GB yokha. Ikadzaza bakapu imaima ndipo pa Gmail ngakhale maimelo atsopano amasiya kulowa, ndiye muyenera kulipira mwezi ndi mwezi kapena kufufuta zina. Yambani ndi mavidiyo a mmagulupu aja, ndi amene amadya malo.